Mtsutso: Kodi mauthenga okumbutsa za mwambo wa chiliza azitcheredweratu pa foni?

Mwambo wosonkhanitsa abale ochokera kutali umayenda ndi mauthenga a mitundu inayi. Pali woitana anthu, pali okumbutsa pamene tsiku likuyandikira, pali ofotokoza zomwe zikuchitika pa tsiku lenilenilo, ndipo pali wothokoza zonse zikatha. Kale ntchito imeneyi inkagwiridwa ndi kalata, zolengeza za kutchalitchi, ndi mnyamata wotumidwa pa njinga. Lero yambiri yalowa m'foni, ndipo foni yabwera ndi luso lina lomwe kale kunalibe: munthu atha kulemba mauthenga onse tsiku limodzi, n'kuwatchera kuti azipita okha pa tsiku ndi ola lomwe wasankha. Mtsutso wagona pa luso limeneli. Ena amati ndondomeko yotchereratu imapulumutsa mwambo ku chiiwale ndi chipwirikiti. Ena amati nkhani za pabanja sizisiyidwa m'manja mwa koloko.

Malo abwino oonerapo mtsutsowu ndi pakati pa mabanja ochokera ku Malawi omwe akukhala ku Southerton ndi madera oyandikana nawo monga Rugare, Lochinvar, Mbare ndi Highfield mu mzinda wa Harare. Makolo a mabanjawa adapita ku Salisbury kukagwira ntchito kunjanji, m'mafakitale ndi m'nyumba za azungu, ena chitaganya cha 1953 mpaka 1963 chisanayambe n'komwe. Adachuluka mpaka mpingo wa CCAP udakhala ndi sinodi yakeyake kumeneko mu 1965. Lero mbumba yawo yamwazikana. Ena ali ku Harare komweko, ena ku Joni, ena ku Mangalande, ndipo ena ndi abale akumudzi ku Dedza, Ntcheu kapena Mangochi omwe sadaonepo manda a mlongo wawo amene adamwalirira ku Halale. Mwambo wovundukula chiliza ndiwo umawakumanitsa, ndipo kawirikawiri umachitika mu Ogasiti. Mvula kulibe, ana ali pa tchuthi, ndipo Lolemba lachiwiri la mweziwo ndi tsiku lokumbukira ngwazi za dzikolo, Lachiwiri lake n'kukhala tsiku la asilikali, kotero anthu apaulendo amakhala ndi masiku anayi. Novembala amapewedwa chifukwa Ashona, omwe ambiri ndi apongozi ndi alamu a mabanjawa, sachita miyambo ya pabanja m'mwezi umenewo.

Chitsanzo choyerekeza chithandiza kuti mfundo za mbali zonse zioneke bwino. Banja lina la ku Southerton lagwirizana zovundukula chiliza cha agogo awo ku manda a Granville, omwe ambiri amangowatcha kuti ku Mbudzi, Loweruka pa 9 Ogasiti 2025. Pa gulu la WhatsApp la banjalo pali manambala 70. Komiti ikufuna kubwereka basi imodzi yonyamula anthu kuchokera pakhomo kupita kumanda, ndipo khomo lililonse lapemphedwa kusonkha madola 10. Mlembi wa komiti ndi mdzukulu wamkazi amene amagwira ntchito ya muofesi. Mwini mbumba ndi amalume ake, bambo wopuma pantchito wa kunjanji.

Mbali yofuna kutchereratu

Mfundo yoyamba ya mlembi uja ndi yakuti masiku okumbutsira sasankhidwa mwachisawawa, amawerengedwa chobwerera m'mbuyo kuchokera pa tsiku la mwambo, ndipo uthenga uliwonse umayenera kugwirizana ndi ntchito inayake yomwe anthu ayenera kuchita. Uthenga woitana upite masabata asanu ndi limodzi mwambo usanafike, pa 28 Juni, chifukwa wochokera ku Blantyre ayenera kuona ngati pasipoti yake ikugwirabe ntchito, apeze ya basi yodzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda, pamene wa ku Joni ayenera kupempha tchuthi kwa abwana ake asanaganize zowoloka pa Beitbridge. Chikumbutso cha chopereka chipite pa 26 Julayi, kutatsala masabata awiri, kuti chikumane ndi malipiro a kutha kwa mwezi. Chikapita pakati pa mwezi anthu amangochiwerenga, m'thumba mulibe kanthu. Pa 2 Ogasiti chiwerengero cha obwera chitsekedwe kuti mwini basi apatsidwe ndalama yachikole ndipo amayi adziwe ufa, nkhuku ndi kabichi zoti agule. Lachitatu pa 6 Ogasiti apite uthenga wa amayi ophika thobwa ndi obwereketsa mapoto. Lachisanu madzulo upite womaliza wonena ola lonyamukira. Onse pamodzi ndi mauthenga asanu pa masabata asanu ndi limodzi.

Apa otsatira mbali imeneyi akunena zoona, ndipo ndi pomwe pali mphamvu yawo yonse. Munthu amene akuthamanga ndi osema mwala, a ku ofesi ya manda ndi abusa sangakumbukire kuti lero ndi tsiku lokumbutsa za ndalama. Amakumbukira Lachinayi usiku, mwambo uli mkuja, ndiye amatumiza mauthenga khumi motsatizana, uliwonse ndi mfundo yake, ena otsutsana. Wolemba zonse padakali nthawi, mtima uli m'malo, amaona msanga kuti waiwala kutchula komwe basi idzaime kapena nambala ya EcoCash yolandirira chopereka. Amapezanso mpata wolemba uthenga uliwonse m'Chichewa ndi m'Chishona, zomwe n'zofunika m'mabanja otere, poti zidzukulu zambiri zobadwira ku Harare zimamva Chichewa koma kuwerenga zimawerenga bwino Chishona.

Komabe kutchera kuli ndi malire ake pa zipangizo zomwe anthu ali nazo. M'chaka cha 2025 WhatsApp wamba inalibe batani lotchera uthenga kuti udzapite wokha mawa. Chomwe inali nacho ndi njira yolembera mwambo m'gulu, pomwe anthu amayankha ngati abwera kapena ayi, njira yovotera, ndi yokhomera uthenga pamwamba pa gulu kwa maola 24, masiku 7 kapena masiku 30. Achinyamata ena amati vutoli n'laling'ono chifukwa GB WhatsApp imatha kutchera mauthenga. Imathadi, koma si pulogalamu yovomerezeka, ndipo eni WhatsApp amatseka manambala ogwiritsa ntchito mapulogalamu otere. Nambala ya mlembi ikatsekedwa sabata ya mwambo, ndiye kuti ulusi wonse waduka. Chomwe chimatcheredwa mosavuta ndi meseji wamba: pa pulogalamu ya Google Messages munthu amadina batani lotumizira osalisiya, n'kusankha tsiku ndi ola. Koma mesejiyo imakhala m'foni ya wotumizayo kudikira nthawi yake. Foni ikakhala yozima, kapena mayunitsi atatha, sipita pa ola lomwe idatcheredwa. Ku Harare, komwe magetsi a ZESA adafikapo pozima maola 18 pa tsiku mu 2019, foni yozima si nkhani yachilendo.

Choncho kutchereratu komwe mabanja ambiri angakwanitse ndi kwa pakatikati. Mawu amalembedwa ndi kusungidwa, belu limatcheredwa pa kalendala ya foni, ndipo likalira munthu ndiye amatumiza. Amene amaganiza kuti akatchera ndiye kuti ntchito yatha sanamvetse chipangizo chomwe agwira.

Pali kanthu kena kokhudza meseji wamba komwe olemba Chichewa ayenera kukadziwa, chifukwa kamadya ndalama. Meseji imodzi imanyamula zilembo 160. Uthenga uwu uli ndi zilembo 154, kuwerengera ndi mipata yomwe, ndipo umapita ngati meseji imodzi:

"Chiliza cha agogo: Loweruka 9 Ogasiti. Basi inyamuka pakhomo ku Southerton 8 koloko m'mawa kupita ku Granville. Yankhani INDE kapena AYI pofika 2 Ogasiti."

Wolemba akangoikamo chilembo cha ŵ, kulemba m'maŵa monga mwa kalembedwe ka m'mabuku ena, kapena akaikamo kachithunzi ka manja opemphera, foni imasintha njira yotumizira. Meseji imodzi imayamba kunyamula zilembo 70 zokha, ndipo ikakhala yolumikiza chigawo chilichonse chimanyamula 67. Uthenga womwewo umasanduka mameseji atatu. Kwa anthu 30 opanda WhatsApp, mtengo wa mameseji 30 umakhala wa mameseji 90. Mafoni ambiri amaonetsa kawerengero kakang'ono pafupi ndi batani lotumizira, ndipo wokonzeratu amakhala ndi nthawi yokayang'ana.

Mbali yokana

Amalume aja sakana foni, nawonso ali nayo. Chomwe amakana ndi dongosolo la kamvedwe ka nkhani. Pa Chichewa nkhani ya maliro, ya ukwati kapena ya chiliza ili ndi eni ake, ndipo imayenda motsata ukulu. Mlongo wa malemu amene ali kumudzi sayenera kumva tsiku la chiliza pa gulu, nthawi imodzi ndi mwana wa sukulu. Amayenera kuimbiridwa kapena kutumiziridwa munthu, afunsidwe ngati tsikulo lamukomera, ngakhale aliyense akudziwa kuti avomera. Akamva kudzera pa uthenga wa onse amati sanauzidwe, ndipo pa mwambo wathu akunena zoona, chifukwa kuwerenga chilengezo si kuuzidwa. Mlembi akayankha kuti mzere wa buluu ukuonetsa kuti agogowo adawerenga, amakhala wayankha funso lina. Funso la amalume si lakuti nkhani idafika, koma lakuti idafika kudzera mwa yani.

Mfundo imeneyi ndi yolemera, koma sigwetsa ndondomeko yonse. Imangouza wokonza kuti tsiku loyamba pa kalendala yake si 28 Juni. Ndi sabata imodzi kapena masabata awiri m'mbuyo mwake, pamene mwini mbumba aimbira akuluakulu a mbali zonse, abusa auzidwa, ndipo bungwe lothandizana pa maliro, ngati malemu anali membala, lalandira mawu. Uthenga wa pagulu umabwera pambuyo, ndipo umayamba ndi kunena kuti akuluakulu agwirizana.

Mfundo yachiwiri ya okana ndiyo yoopsa, ndipo otchereratu alibe yankho lokwanira. Uthenga wotcheredwa sudziwa zomwe zachitika kuchokera tsiku lomwe udalembedwa. M'masabata asanu ndi limodzi, banja la anthu oposa 100 lingathe kuona zovuta. Wina akamwalira Lachiwiri usiku ku chipatala, anthu ali pa siwa, ndiye Lachitatu m'mawa foni iliyonse n'kulira ndi uthenga wakuti amayi asaiwale thobwa, kwatsala masiku atatu, palibe kupepesa komwe kungafafanize zimenezo. Pa WhatsApp uthenga utha kukonzedwa m'mphindi 15 zoyamba kapena kufufutidwa kwa onse pasanathe masiku awiri, koma amene awerenga awerenga. Meseji wamba ndiye sibwezeka konse. Zosintha zing'onozing'ono nazo zimavulaza: osema mwala achedwa ndipo mwambo wasunthidwa ndi sabata, abusa apempha kuti mapemphero ayambe 9 koloko m'malo mwa 10, basi yasinthidwa. Mlembi amalengeza kusinthako pa gulu, n'kuiwala kuti m'foni mwake muli mameseji atatu akale omwe akudikira nthawi yawo. Akapita, anthu amakhala ndi maola awiri osiyana, ndipo amakhulupirira womwe wafika pomaliza, womwe ndi wolakwikawo.

Chizindikiro chakuti zimenezi zachitika sichivuta kuona. Anthu amasiya kufunsa pa gulu n'kuyamba kuimbirana m'mbali kuti, "Kodi zoona ndi ziti?" Mankhwala ake ndi awiri. Mauthenga onse otcheredwa alembedwe pa pepala limodzi, tsiku ndi ola lake, kuti chikasintha chinthu mlembi adziwe zoti afufute asanalengeze zatsopano. Ndipo pakhale munthu mmodzi, makamaka mwini mbumba, amene mawu ake akuti "imitsani" amaimitsa zonse popanda kudikira msonkhano wa komiti.

Okana ena amabwera ndi dandaulo losiyana, la kuchuluka kwa mauthenga. Mayi wina wa chigwirizano anganene kuti pa ukwati wa mwana wa mnzake ankadzutsidwa m'mawa uliwonse ndi chithunzi chakuti kwatsala masiku 20, mawa lake 19, mpaka adalitseka pakamwa gululo, ndipo uthenga wosintha holo udamudutsa. Dandaulo lake ndi lenileni, ngakhale kuti mlandu wake si wa kutchereratu koma wa kuwerenga masiku popanda nkhani. Kuwerenga tsiku ndi tsiku kumakhala bwino pa malonda a konsati, komwe cholinga ndi kutenthetsa anthu mitima kuti agule matikiti. Pa chiliza palibe chogulitsa. Uthenga uliwonse wopanda chopempha kapena chatsopano umachepetsa mwayi woti wotsatira uwerengedwe, komanso chithunzi chilichonse chimadya bando ya munthu amene wagula ya tsiku limodzi. Amene akufunabe kuwerenga masiku angaike pa WhatsApp pamalo oonetsera zithunzi zomwe zimazimirira pakatha maola 24, pomwe woona amaona mwa kufuna kwake.

Kufika kwa uthenga

Mbali zonse ziwiri zimakonda kuphonya chinthu chimodzi: nthawi yotumizira si nthawi yowerengera. Ambiri ku Mbare kapena ku Rugare, monganso kumudzi ku Malawi, sakhala ndi bando masiku onse. Amagula akapeza ndalama, mauthenga a masiku atatu n'kulowa nthawi imodzi. Uthenga wakuti "basi inyamuka mawa" wotumizidwa Lachisanu madzulo ukalowa m'foni Loweruka m'mawa, wowerenga mothamanga amamva kuti ulendo ndi wa Lamulungu. N'chimodzimodzi ndi "kwatsala masiku atatu". N'chifukwa chake mawu akuti mawa, mkuja ndi sabata yamawa sayenera kuima okha. Uthenga uliwonse utchule dzina la tsiku, deti, ola ndi malo, ngakhale zikuoneka ngati kubwereza, kuti munthu amene wawerenga umodzi wokha mwa asanu aja afike ndithu. Ola nalo lifotokozedwe kuti ndi la chiyani. "8 koloko" yokha ena amaimva ngati ola lofika pakhomo, ena ngati lonyamuka. Kulemba kuti tiyi ndi 7 koloko, basi inyamuka 8 koloko, kumachotsa mkanganowo.

Kudziwa amene walandira kuli ndi njira yake. Pa gulu la WhatsApp mzere wachiwiri umaoneka pokhapokha aliyense atalandira, choncho pa gulu la anthu 70 ungakhale umodzi mpaka mwambo kutha chifukwa cha nambala imodzi yakufa. Wotumiza ayenera kudina uthengawo osausiya n'kusankha Info, pomwe amaona mayina a owerenga ndi a omwe uthenga wangowafikira. M'chitsanzo chija, pa 2 Ogasiti mwina anthu 41 ayankha, 17 awerenga koma ali chete, ndipo 12 sanalandire. Magulu awiri omalizawa safuna mankhwala amodzi. Anthu 12 aja chikumbutso china cha pa WhatsApp sichiwathandiza, amafunika meseji wamba, kuimbiridwa, kapena kupezedwa Lamulungu kutchalitchi. Anthu 17 aja nthawi zambiri nkhani ndi ya chopereka: alibe madola 10 ndipo akuchita manyazi kunena kuti abwera chimanjamanja. Kuwakumbutsa pa gulu, makamaka potulutsa mndandanda wa omwe apereka, kumangowathawitsa. Amafunika mawu apambali ochokera kwa munthu wamkulu akuti bwerani, za ndalama tidzakambirana. Koloko singasiyanitse magulu awiriwa.

Palinso msampha kwa ofuna kutumiza uthenga umodzi kwa anthu ambiri popanda kuwaika m'gulu. WhatsApp imalola mndandanda wa anthu 256, koma uthengawo umafika kwa okhawo amene adasunga nambala ya wotumizayo m'foni mwawo. Mdzukulu amene akuluakulu sadziwa nambala yake atha kutumiza kwa onse, n'kukhulupirira kuti walengeza, pamene theka silinalandire kanthu.

Tsiku la mwambo

Pofika pa tsiku lenilenilo mtsutso umachepa, chifukwa zochitika za tsikulo sizingalembedweretu. Chomwe chingatcheredwe ndi uthenga umodzi wa m'mamawa, cha m'ma 6 koloko, wobwereza ola ndi malo, ndipo nawonso upite pokhapokha woyendetsa basi atatsimikiza kuti wanyamuka. Ena onse amatsatira zomwe zachitika osati zomwe zili pa pepala: basi yanyamuka, anthu afika kumanda, mapemphero ayamba, anthu akubwerera kukadya. Wotchera uthenga wakuti "tanyamuka" pa 8 koloko amasiyitsa ulendo munthu amene anali pa kombi kuchokera ku Mufakose, amene akanaipeza basi ikudikirabe abusa mpaka 9 koloko.

Ntchitoyi ipatsidwe munthu amene alibe udindo wina, osati mlembi amene akulandira alendo ndi kuwerenga ndalama. Akhale ndi foni yodzaza moto, bando yokwanira ndi mayunitsi oimbira. Manda a Granville ndi aakulu kwambiri, ndipo wobwera pa galimoto yake kudzera mu msewu wa Simon Mazorodze atha kuzungulira nthawi yaitali osalipeza gulu lake, makamaka Loweruka la mu Ogasiti pamene mabanja ambiri akuchita mwambo womwewo. WhatsApp imalola munthu kuonetsa pomwe ali kwa mphindi 15, ola limodzi kapena maola 8, ndipo ola limodzi limakwana. Koma si onse amatha kuwerenga mapu, choncho pakhalenso mawu osavuta onena chipata cholowera, mtundu wa basi, ndi mnyamata amene waima pamphambano. Gulu lalikulu litha kutsekedwa kwa maola ochepa posankha Only admins, kuti uthenga wofunika usamire m'ma "ameni" 40.

Za zithunzi ndi kanema sizinagwirizanidwebe. Abale a ku Joni ndi ku Mangalande amene atumiza ndalama zambiri kudzera pa Mukuru amafuna kuona chiliza chikuvundukulidwa nthawi yomweyo, ndipo ali ndi chifukwa; wa ku London amangofunika kukumbutsidwa kuti mu Ogasiti 10 koloko ya ku Harare ndi 9 koloko kwawoko, pamene wa ku Lilongwe, Lusaka ndi Johannesburg ali pa ola lofanana ndi la Harare. Akuluakulu ena amaona kuti kuloza foni kumaso kwa munthu amene akulira pamanda n'kupanda ulemu. Mabanja ena amalola kujambula mwala ndi ulaliki wokha, ena amakaniratu, ena amangosiya aliyense achite zake n'kudzakangana pambuyo. Chofunika n'chakuti nkhaniyi ikambidwe tsiku lisanafike, si yothetsera pamanda.

Kuthokoza

Uthenga wothokoza ndiwo otchereratu amaukonda kwambiri, chifukwa ndiwo umaiwalika. Mwambo ukatha komiti imakhala yotopa, mapoto abwezedwa, alendo akuperekezedwa ku basi, ndipo masabata amadutsa popanda mawu. Choncho amati ulembedwe pamodzi ndi enawo, utcheredwe Lamulungu m'mawa. Okana amayankha ndi mwambi wakuti linda madzi apite ndipo uziti ndadala. Uthenga wolembedwa mu Juni wonena kuti zonse zayenda bwino ungafike anthu ena akadali pa Nyamapanda, kapena basi itawonongeka panjira, kapena nsima itaperewera. Komanso sungatchule amene adagwira ntchito, chifukwa polemba zinali zisanachitike: amayi omwe adachezera kuphika, mlamu amene adapereka galimoto yake mwadzidzidzi, akwaya omwe adabwera osaitanidwa.

Apa zimaoneka kuti kuthokoza si uthenga umodzi. Woyamba ndi wamfupi, wa tsiku lomwelo madzulo kapena m'mawa mwake, wothokoza onse ndi kupempha apaulendo kuti anene akafika. Wachiwiri ndi wa ndalama, ndipo ndiwo umasunga ubale: zomwe zidasonkhedwa, zomwe zidapita ku mwala, ku basi ndi ku chakudya, ndi zomwe zatsala kapena ngongole yomwe yatsala. M'chitsanzo chija tsiku labwino ndi Loweruka lotsatira, pa 16 Ogasiti, tchuthi chitatha ndipo malisiti atasonkhanitsidwa. Wachitatu sulembedwa konse. Akuluakulu omwe adaimbiridwa poyamba aimbiridwenso, ndi munthu yemweyo, ndipo mpingo uthokozedwe kudzera mwa akulu ampingo pa zolengeza za Lamulungu. Chomwe chingatcheredwe pa zitatuzi ndi belu lokumbutsa mlembi ndi amalume kuti tsiku lothokoza lakwana.

Chigamulo

Poyeza mbali zonse, otchereratu apambana pa nkhani ya masiku ndipo okana apambana pa nkhani ya kutumiza. Masiku asanu okumbutsira, tsiku la lipoti la ndalama, ndi mawu a uthenga uliwonse ziyenera kukonzedwa komiti ikangokhazikitsa deti. Koma mwa mauthenga onsewo, omwe angaloledwe kupita okha ndi meseji wamba zonena deti ndi malo kwa anthu opanda WhatsApp, ndipo nazo zisatcheredwe kupitirira tsiku limodzi kapena awiri kutsogolo, kuti chikagwa chinthu pakhale zochepa zofufuta. Otsalawo adutse m'maso mwa munthu pa tsiku lotumizira, amene adzifunse ngati pabanja pali mtendere ndiponso ngati zomwe zalembedwazo zikadali zoona. Banja la anthu ochepa okhala dera limodzi, omwe amaonana kutchalitchi Lamulungu lililonse, lingathe kuchita popanda ndondomeko yonseyi. Banja lomwe mbumba yake ili ku Southerton, ku Ntcheu ndi ku Joni likufunika kalendala yolembedwa, mlembi mmodzi, ndi mwini mbumba amene ali ndi mphamvu yoimitsa uthenga usanapite.